Woyesa akaloza mzere umodzi wa khodi yanu

M'maphunziro a zamakompyuta, kupereka pulogalamu yoyenda bwino sikukwanira nthawi zonse. Aphunzitsi ena amamuitana wophunzira, kumukhazika pa kompyuta, n'kumufunsa pakamwa za khodi imene anapereka. Ambiri amagwa pamenepa, ngakhale amene analembadi okha, chifukwa amangowerenga mokweza zimene zili pa sikirini. Woyesayo maso ali nawo. Chimene akufuna kumva ndi chifukwa chake munalemba motero.

Tiyerekeze kuti munapereka khodi iyi ya Python, yopeza phindu lalikulu pa masiku amene golosale yagulitsa:

```python
def lalikulu(phindu):
    pamwamba = phindu[0]
    for p in phindu[1:]:
        if p > pamwamba:
            pamwamba = p
    return pamwamba
```

Yambani ndi ntchito yake m'chiganizo chimodzi: imalandira mndandanda wa manambala n'kubweza lalikulu. Kenako tengani pepala muyende nayo ndi manambala enieni, monga 400, 900 ndi 250. Nenani kuti `pamwamba` ikuyamba ndi 400. Ikakumana ndi 900 ikusintha chifukwa 900 ndi wamkulu. Ikafika pa 250 ikukhala momwemo. Woloweza pamtima amakakamira apa, poti manambala akasintha alibe pogwira.

Funso lolemera limadza pa mzere wachiwiri. "Bwanji simunangolemba `pamwamba = 0`?" Yankho lakuti "ndi mmene tinaphunzirira" silikupatsani malikisi. Ganizani za golosale imene yaluza masiku onse atatu: -500, -200 ndi -900. Mukayamba ndi ziro, palibe nambala imene ingamupose, ndiye pulogalamu idzabweza 0, phindu limene mwini golosale sanaliwone tsiku lililonse. Choopsa chake n'chakuti kompyuta siidandaula konse, imangopereka yankho labodza mwakachetechete. Kuyamba ndi `phindu[0]` kumatsimikiza kuti yankho lichokera mumndandanda momwemo, ndipo apa ndi -200. Mukalongosola chonchi, woyesa sakayikanso kuti mutu wanu unagwira ntchito.

Komatu njira imeneyi ili ndi pofooka pake, ndipo ine ndimaona kuti n'kwanzeru kupatchula nokha musanafunsidwe. Mndandanda ukakhala wopanda kanthu, `phindu[0]` kulibe, choncho Python imaima n'kulemba `IndexError`. Nenani zimenezo, muwonjeze kuti mukanaika `if not phindu:` pamwamba kuti pulogalamu iyambe yaona ngati muli kanthu.

Woyesa angakupatseninso kiyibodi kuti musinthe khodiyo ipeze phindu lochepetsetsa. Kutembenuza `>` kukhala `<` kwakwana, koma lankhulani uku mukusintha, ndipo nenani yankho limene mukuyembekeza musanayendetse pulogalamu. Ngati pali mzere umene munautenga m'buku kapena munathandizidwa ndi mnzanu, nenani poyera, kenako sonyezani pa sikirini chimene chimachitika mukauchotsa.