Likasa silichonga pepala: phindu la kuyeserera mapepala akale a mayeso

Mu Novembala 2020, ophunzira a Fomu 4 m'dziko muno anali pakati polemba mayeso a MSCE pamene boma linalengeza kuti mayesowo aimitsidwa. Mapepala ena anali atabedwa, ndipo mafunso ankayenda pa mafoni tsiku lolemba lisanafike. Ana amenewa anali atataya kale miyezi yambiri sukulu zitatsekedwa chifukwa cha mliri wa korona. Onse anabwerera kwawo, woona mafunso ndi wosaona yemwe, ndipo anakalemba mayeso atsopano mu Januwale 2021.

Amene anagula mafunso obedwawo anatsala opanda kanthu m'manja, chifukwa mapepala a mu Januwale anali ena. Amene anakonzekera pophunzira njira yoyankhira mafunso anapwetekedwa mtima, koma zimene ankadziwa sizinafufutike ndi chilengezo cha boma. Kusiyana kwa anthu awiriwa ndiko kumene kholo ndi wophunzira aliyense ayenera kukumvetsa, chifukwa chaka chilichonse mayeso akayandikira, nkhani ya likasa imabukanso.

Chimene wochonga amafuna kuona

Ambiri amaganiza kuti mayeso amafuna yankho basi. Koma m'maphunziro ngati masamu, malikisi a funso limodzi amagawidwa m'njira yonse imene wophunzira wadutsa. Tiyeni tione funso la mtundu umene aliyense wa Fomu 4 amakumana nawo:

2x² + 5x − 3 = 0

Wodziwa njira amayamba ndi kuchulukitsa nambala yoyamba ndi yomaliza: 2 kuchulukitsa ndi −3, zikupereka −6. Kenako amafunafuna manambala awiri amene akachulukitsidwa apereke −6, koma akaphatikizidwa apereke 5. Manambalawo ndi 6 ndi −1. Amagawa 5x kukhala 6x − x, n'kusonkhanitsa zofanana, ndipo amafika pa (2x − 1)(x + 3) = 0. Choncho x ndi ½ kapena −3. Asanachoke pa funsolo amabwezera −3 m'malo mwa x: 18 − 15 − 3, zikupereka 0. Apo amadziwa yekha kuti wakhoza, popanda womuuza.

Mzere uliwonse pamenepa ndi umboni kwa wochonga. Wophunzira amene njira yake ndi yolondola koma waphonya chizindikiro kumapeto amatolako malikisi a njirayo. Amene wangolemba kuti ½ ndi −3 chifukwa anaziona pa foni wasiya wochonga alibe choti achonge.

Tsopano tisinthe chizindikiro chimodzi chokha, funso likhale 2x² − 5x − 3 = 0. Mayankho asanduka −½ ndi 3. Tikasintha nambala yomaliza kukhala +3, kuti funso likhale 2x² + 5x + 3 = 0, mayankho ndi −1 ndi −1½. Tikaika −4 kumapetoko, manambala athunthu oti agawe 5x sapezekanso, ndipo pamafunika fomula. Woloweza mayankho wagwa katatu konse, pamene woyeserera wangoona funso lomwelija litasintha pang'ono. Olemba mayeso amachita zimenezi chaka ndi chaka: silabasi ndi yomweyo, luso lofunidwa ndi lomwelo, koma manambala ndi kafunsidwe zimasintha. N'chifukwa chake mapepala a zaka zapitazo, amene aliyense ali ndi ufulu wowaona, amauza wophunzira zambiri za mayeso akubwera kuposa pepala lililonse logulitsidwa mobisa.

Wogulitsa likasa sataya kanthu

Mayeso akatsala pafupi, m'magulu a WhatsApp mumatulukira anthu onena kuti ali ndi pepala lenileni lochokera ku Zomba, kumene kuli likulu la MANEB. Amafuna ndalama kaye pa foni, pepala pambuyo. Wogula alibe njira yodziwira ngati chimene walandira n'choona mpaka atakhala m'chipinda cholembera, ndipo akapeza kuti wapusitsidwa sangakadandaule kulikonse, chifukwa iyenso anali m'kati mwa mlandu. Sipavuta kutenga pepala lakale kapena la mayeso oyeserera a sukulu ina n'kusintha chaka pachikuto. N'chimodzimodzi chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Ndalama si chinthu chachikulu chimene chimatayika. Masiku omaliza, amene mwana akanatsekera mipata yake, amathera podikira uthenga ndi kuloweza mayankho a mafunso amene mwina sabwera. Amalowa m'mayeso atagona mochedwa, ndipo akatsegula pepala n'kupeza mafunso ena, mantha amamulanda ngakhale zochepa zimene ankadziwa.

Pepala likakhala lenileni, vuto limakula. Mayankho oyenda ndi likasa amalembedwa mothamanga ndi munthu wosadziwika, ndipo cholakwa chake chimakoperedwa ndi onse. Ochonga akaona ana ambiri a malo amodzi atalakwitsa mofanana, pa mzere womwewo, ndi mawu omwewo, amadziwa chimene chachitika. Anthu awiri akhoza kukhoza mofanana, koma kulakwitsa mofanana ndendende kumaulula kuti gwero ndi limodzi. Kubera mayeso ndi mlandu: zotsatira zimatha kufufutidwa, ndipo ophunzira ngakhalenso aphunzitsi amamangidwa.

Kukopera kumanamiza mwini wake

Pali kubera kwina kumene sikufika kupolisi koma kumawononga mwakachetechete. Mwana amatsegula pepala lakale, mayankho ali pambali, n'kumawerenga funso ndi yankho lake uku akugwedeza mutu kuti "izi ndikuzidziwa". Kapena amakopera ntchito ya mnzake m'mawa aphunzitsi asanalowe. Kope limadzaza ndi machongi, koma m'mutu simunachitike ntchito.

Kuzindikira yankho ukaliona ndi kulitulutsa wekha papepala loyera ndi maluso awiri osiyana, ndipo mayeso amayesa lachiwirilo. Akatswiri a kaganizidwe ka munthu, Henry Roediger ndi Jeffrey Karpicke, anaonetsa mu 2006 kuti ophunzira amene anawerenga nkhani n'kuyesa kuikumbukira osayang'ana anakumbukira zambiri patatha sabata kuposa anzawo amene anangoibwereza kuwerenga, ngakhale kuti obwerezawo ndiwo ankadzidalira kwambiri. Kuvutika kuja kumene munthu amamva akamakumba m'mutu kufuna njira ndiko kumene kumakhazikitsa chinthucho. Wokopera amathawa kuvutikako, ndipo phindu lake limamudutsa.

Njira yodziyesera ndi yapafupi. Tsekani buku, dikirani masiku awiri, muyankhenso funso lomwelo papepala lopanda kanthu. Ngati dzanja laima pa mzere wachiwiri, ndiye kuti simunalidziwe, munangoliona.

Kagwiritsidwe ntchito koyenera

Pepala lakale limapindula likalembedwa ngati mayeso enieni. Khalani patebulo, mabuku ndi foni zikhale kutali, wotchi ikhale patsogolo. Werengani malangizo a pachikuto ndipo tsatirani nthawi imene yalembedwapo. Gawani mphindi ndi malikisi: ngati pepala lili ndi malikisi 100 ndipo nthawi ndi maola awiri, malikisi aliwonse ali ndi mphindi imodzi ndi kachidutswa, kotero funso la malikisi 5 lisadye mphindi zopitirira 6. Nthawi ikatha, ikani cholembera pansi ngakhale musanamalize, chifukwa kusamalizako ndi chimodzi mwa zinthu zimene mukufuna kudziwa.

Kuchonga kubwere pambuyo, ndi cholembera cha mtundu wina, ndipo ngati n'kotheka achonge mphunzitsi kapena mnzanu wosakunyengererani. Apa ndi pamene ntchito yeniyeni imayambira. Malikisi onse otayika afunsidwe chifukwa chake, pakuti mankhwala ake ndi osiyana.

Tiyerekeze kuti mtsikana wina wapeza 46 pa 100 pa masamu. Akanangoyang'ana nambalayo akanati masamu ndi ovuta basi. Koma atasanthula malikisi 54 otayikawo akupeza kuti 20 anapita pa mitu iwiri imene sanaimvetse m'kalasi, 12 pa zizindikiro zophonya ndi kuwerengera mothamanga, 8 chifukwa sanawerenge funso mpaka kumapeto, ndipo 14 anali a mafunso atatu omaliza amene nthawi inatha asanawafike. Ndiye kuti malikisi 34 sanatayike chifukwa cha kusadziwa masamu. Mitu iwiri ija apite nayo kwa aphunzitsi sabata yomweyo. Zizindikiro azithana nazo pobwezera yankho m'funso monga tinachitira pamwambapa. Pa kawerengedwe ka funso, azidula mzere pansi pa mawu olamula, chifukwa funso loti "tchulani" limafuna dzina lokha pamene loti "fotokozani" limafuna chifukwa ndi m'mene chinthucho chimachitikira. Pa nthawi, azidumpha funso lomukanika n'kudzalibwerera. Patatha sabata alembenso mafunso amene analakwa, kenako atenge pepala la chaka china.

Pa MSCE, magiredi amayambira pa 1 kufika pa 9, ndipo mapoyinti a maphunziro asanu ndi limodzi amene munthu wakhoza bwino ndiwo amaphatikizidwa. Kuchoka pa 7 kufika pa 5 m'phunziro limodzi kumasintha pasi kukhala kirediti, ndipo kusuntha kotereku kumachokera m'malikisi ang'onoang'ono ngati amene mtsikanayu wawapeza. Likasa silingamuuze kuti amaphonya zizindikiro.

Malire ake

Mapepala akale salowa m'malo mwa silabasi. Wophunzira amene sanaphunzire mutu sangaudziwe pongoyankha mafunso ake, ndipo amene amawerenga mapepala kuti alosere kuti "chaka chino kubwera chakuti" wayamba kale kutchova juga ngati wa likasa. Silabasi imasinthanso. Fizikisi ndi Kemisitiri kale zinali phunziro limodzi, ndipo mabuku a zolembalemba a Chichewa ndi Chingerezi amasinthidwa pakapita zaka. Musanakhalire pepala lakale kwambiri, funsani aphunzitsi ngati mafunso ake akugwirizana ndi zimene zikuphunzitsidwa pano. Samalaninso ndi timabuku ta mayankho togulitsidwa m'misika, chifukwa tina tili ndi zolakwa. Yankho la m'kabuku likasiyana ndi lanu, musathamangire kufufuta: yesani onse awiri.

Kumidzi, kumene pepala limodzi limayenda m'manja mwa kalasi yonse, njira ilipobe. Mmodzi alembe mafunso pabolodi, aliyense ayankhe payekha nthawi ikuwerengedwa, kenako asinthane makope n'kuchongerana. Kukambirana kubwere aliyense atayesa kale yekha.

Makolo nawo ali ndi mbali yawo. Mwana akapempha ndalama ya pepala lobisika, ndalama yomweyo ikhoza kujambulitsa mapepala a zaka zingapo zapitazo. Ndipo mukamufunsa za maphunziro, musalekere pa funso loti wapeza zingati. Mufunseni kuti malikisi enawo anatayikira pati, ndipo sabata ino achitapo chiyani. Mwana amene angathe kuyankha funso limenelo ndiye amene akukonzekeradi mayeso.