Makwerero a Akademi: Mmene Rashford Adafikira Timu Yaikulu

Marcus Rashford, mwana wa ku Wythenshawe, adalowa akademi ya Manchester United ali ndi zaka 7, kuchokera ku katimu ka ana ka Fletcher Moss Rangers. Padapita zaka 11 asanasewere m'timu yaikulu. Kodi nthawi yonseyi ankatani?

Ku Mangalande, malamulo omwe adayamba mu 2012 amagawa ulendowu patatu. Ana a m'matimu a zaka 9 mpaka 11 amasewera pabwalo laling'ono, ali ochepa, kuti aliyense azikhudza mpira pafupipafupi. Kuyambira zaka 12 mpaka 16 amalowa pang'onopang'ono m'bwalo lonse n'kuphunzira malo awo. Apa sefa imagwira ntchito mosanyengerera: pakapita nthawi aphunzitsi amakhala pansi ndi makolo n'kunena yemwe atsale ndi yemwe apite.

Sefayi imalakwitsanso. Chaka cha matimu a ana chimayamba pa 1 Sepitembala, choncho wobadwa mu Okutobala amaposa wa mu Ogasiti ndi miyezi 10, ndipo pamsinkhu umenewo kusiyanako kumaonekera m'thupi. Mphunzitsi wopupuluma amatenga wamtali n'kusiya waluso yemwe sadakule. Declan Rice adachotsedwa ku Chelsea ali ndi zaka 14, koma West Ham idamutola n'kumukuza.

Wopulumuka pa zaka 16 amapatsidwa mgwirizano wa zaka ziwiri wosewera uku akuphunzira, ndipo akakwanitsa 17 akhoza kusaina kontilakiti ya akatswiri. Amasewera m'timu ya osapitirira zaka 18, kenako ya 21. Chizindikiro choti wayandikira n'kuitanidwa kukachita nawo zokonzekera ndi akuluakulu. Kumeneko mpira umathamanga, ndipo ukaugwira kawiri pomwe pafunika kamodzi, akulanda.

Khwerero lomaliza ndilo lovuta, chifukwa mphunzitsi wa timu yaikulu amachotsedwa ntchito akamagonja, ndiye sakonda kuyesera ana. Makalabu ambiri amangobwereketsa mnyamata ku timu yaing'ono kuti akakhwime. Harry Kane adazungulira ku Leyton Orient, Millwall, Norwich ndi Leicester asanakhazikike ku Tottenham.

Rashford sadabwereketsedwe asanafike m'timu yaikulu. Mu Novembala 2015 mphunzitsi Louis van Gaal adamuika pabenchi, koma sadamulowetse. Pa 25 Febuluwale 2016, Wayne Rooney ali wovulala kale, Anthony Martial naye adavulala akutenthetsa thupi masewero ndi Midtjylland atatsala pang'ono kuyamba. Mnyamata wa zaka 18 adauzidwa pompo kuti ayamba, ndipo adamwetsa zigoli ziwiri. Patapita masiku atatu adamwetsanso ziwiri mu ligi pokumana ndi Arsenal.

Ena amati udali mwayi chabe. Mwayi udalipodi, koma Van Gaal adali ndi woti amuitane chifukwa kalabuyi imasungira ana ake malo mwadala: kuyambira mu Okutobala 1937, pamndandanda wa masewero aliwonse a Manchester United pakhala pali wosewera woleredwa pakhomo pomwepo.