NDIME YOCONGEDWA NDI INKI YOFIIRA: KAKONZEDWE KAKE

Pamene aphunzitsi a ku sekondale abweza makope, ana ena amapeza ndime yathunthu itazingidwa ndi inki yofiira, ndipo m'mphepete mwalembedwa kuti mau awa ndi a m'buku. Ambiri amathamangira kusintha liu limodzi apa, lina apo, nabwezanso kope. Aphunzitsi amaikananso ndimeyo, ndipo sakulakwa, pakuti nyumba ikadali ya mwini wake ngakhale wina aikulunge dothi lina.

Nkhani ya nshawa ionetsa bwino m'mene bvutoli limayambira. Wophunzira wina wauzidwa kufotokoza cifukwa cace alimi amabzala cimanga pamene panali nshawa caka catha. Buku la zaulimi likunena kuti pa mizu ya nshawa pamamera tizotupa tating'ono, ndipo m'menemo mumakhala tizilombo tosaoneka ndi maso, timene timatenga naitrojeni wa mu mpweya ndi kumusandutsa cakudya ca mbeu. Mwanayo walemba buku liri cotsegula. Watsata ziganizo zace monga zinandandalikidwira, nasintha mau owerengeka okha. Posinthapo wafupikitsa, nalemba kuti mizu ya nshawa imapanga feteleza. Tsono ndime yace yadwala pawiri: ifanana ndi buku, komanso yanama, cifukwa tizilombo tija, eni ace a nchitoyo, tasowamo.

Pokonza, kope loyamba liikidwe pambali. Iye amene ayamba ndi ndime yocongedwayo sacedwa kukokedwa ndi ziganizo zace zakale. Wophunzira abwerere ku buku, awerenge tsamba lonse, osati mizere yokha imene anakopera, pakuti kawirikawiri tanthauzo la mizereyo lagona pa ndime ya pamwamba kapena ya pansi pace. Liu limene salimvetsa alifunse. Akafunsa za naitrojeni adzamva kuti ndiye cakudya cimene mlimi amagula m'thumba la yureya, ndi kuti mpweya uli naye wocuruka, magawo 78 pa 100, koma cimanga sicingamutenge cokha m'menemo.

Pamenepo atenge pepala lina nalembepo mfundo, osati ziganizo. Apa ndi pamene ambiri amaterera. Mfundo ikapitirira mau anayi kapena asanu, mau a mwini buku ayamba kale kulowa. Pa nkhani iyi zikwanira zisanu: tizilombo m'tizotupa, naitrojeni wa mu mpweya, nshawa idyako, tizilombo tidyanso kwa nshawa, zotsala ziolera m'nthaka. Alembenso dzina la buku, mlembi wace ndi nambala ya tsamba.

Tsopano buku litsekedwe. Asanagwire colembera, ndi bwino afotokoze nkhaniyo pakamwa kwa munthu wa pakhomo, makamaka amene amalima. Gogo amene wakumba nshawa zaka makumi anayi sasowa funso. Angafunse kuti nanga bwanji munda wina sunasinthe ngakhale munali nshawa. Mwana akati kakasi, ndiye kuti pali pamene sanamvetse, ndipo abwererenso ku buku kapena kwa aphunzitsi. Kumeneko adzapeza kuti naitrojeni wambiri amapita ndi nshawa zokololedwa, ndipo nthaka ipindula makamaka ndi mizu ndi masamba otsala m'munda. Wotentha zotsalazo, kapena wozituta zonse, wacepetsa phindulo. Angazulenso tsinde limodzi pa nyengo ya maluwa ndi kudula kacotupa pakati: m'kati mukakhala mofiirira, tizilombo tikugwira nchito.

Ndime yolembedwa pambuyo pa zonsezi imayamba pena. Buku linayambira pa mizu. Wophunzirayo angayambire pa cimanga cimene masamba ace acita cikasu posowa naitrojeni, nafotokoza kuti nshawa sizibvutika cotero cifukwa ca tizilombo ta m'mizu yace, natsiriza ndi zotsala zoolera m'nthaka. Dongosolo latsopanoli silicita kufunafuna. Limadza lokha pamene munthu akuyankha funso limene anapatsidwa m'malo motsata tsamba.

Pomaliza buku litsegulidwenso, liikidwe pambali pa ndime yatsopano. Coyamba kuyang'ana ndi coonadi: kodi nambala ija ndi 78, ndipo kodi tizilombo tachulidwa? Caciwiri ndi kufanana. Mau monga naitrojeni ndi yureya sasinthidwa, pakuti alibe ena olowa m'malo mwace, ndipo palibe mphunzitsi angawaconge. Koma mau asanu kapena asanu ndi limodzi otsatana monga ali m'buku ayenera kulembedwanso, kapena kuikidwa m'zizindikiro za mau ogwidwa ngati ali ofunika momwemo. Dzina la buku lichulidwebe, ngakhale liu liri lonse m'ndimemo likhale la wophunzira, cifukwa mfundo ya tizilombo sanaitulukire iye.