Mukadula kasitomala ndalama kawiri, mumulembere chiyani?

Tiyerekeze kuti ndi Lamlungu masana pa malo ena ogona alendo ku Mangochi. Mayi wina akulipira chipinda cha masiku awiri, K85,000. Mtsikana wa pakauntala walowetsa khadi m'kamakina, mayiwo alemba nambala yawo yachinsinsi, koma kamakinako kangoti zii, kenako nkulemba kuti netiweki yavuta. Lisiti silinatuluke. "Tiyesenso, mayi," akutero mtsikanayo, ndipo ulendo uno lisiti latuluka. Mayiwo akufika pa Liwonde, foni yalira kawiri. Mu akaunti mwachoka K170,000.

Palibe amene waba apa. Ulendo woyamba uja banki ya mayiwo inavomera ndi kudula ndalama, koma yankho lake linasochera m'njira lisanafike pa kamakina. Komabe kwa mwini ndalama, amene mwina yotsalayo inali ya mafuta a galimoto ndi ndiwo za sabata yonse, chifukwa chimenechi sichitonthoza mtima. Iye akufuna kudziwa kuti ndalama yake ibwera liti.

Musanagwire kompyuta kuti mulembe imelo, yambani mwatsimikiza kuti ndalamayo yafikadi kwa inu kawiri. Apa ndi pamene ambiri amapunthwa. Nthawi zina ndalama yoyamba ija imangogwidwa ku banki osafika kwa wogulitsa, ndipo banki imaibweza yokha kwa mwini khadi. Mukathamangira kubweza ya m'thumba mwanu, kasitomala alandira kawiri, inu nkutsala mukulira. Choncho yang'anani lipoti la kamakina la tsikulo, muliyerekeze ndi sitetimenti ya akaunti ya bizinesi. Mukaona K85,000 italowa kawiri kuchokera pa khadi imodzi, mphindi zoyandikana, iliyonse ndi nambala yake ya malipiro, ndalamayo ili kwa inu ndipo kubweza ndi udindo wanu. Ikaoneka kamodzi, imbirani banki yanu, ndipo kasitomala mumuuze zimenezo momveka bwino.

Ndalama ikapezeka kuti inalowadi kawiri, imelo yake ikhoza kukhala motere, pansi pa mutu wakuti "Kubweza K85,000 imene tinakudulani kawiri":

"Zikomo mayi. Pepani kwambiri, Lamlungu pa 9 Malichi tinakudulani K85,000 kawiri pamene mumalipira chipinda. Kamakina kathu kanasonyeza kuti malipiro oyamba alephera, ife tinalowetsanso khadi yanu tisanatsimikize, pamene onse awiri anali atadutsa. Kulakwa nkwathu. Lero Lolemba tauza banki yathu kuti ibweze K85,000 pa khadi yomweyo, ndipo yatiuza kuti ifika pofika Lachisanu pa 14. Inu palibe choti muchite. Ngati banki yanu yakudulani kena kalikonse chifukwa cha vutoli, tiuzeni tibwezenso. Ndalamayi ikapanda kuoneka pofika tsikulo, yankhani imelo ino kapena mundiimbire pa nambala ili m'munsiyi."

Pansi pake pakhale dzina la munthu weniweni ndi udindo wake, osati "oyang'anira" chabe.

Mawu amene ndimawakonda m'kalatayi ndi akuti "kulakwa nkwathu". Ndaonapo makalata ambiri oyamba ndi "ngati takukhumudwitsani", ngati kuti pali chikayiko pamene ndalama ya munthu yachoka poyera. Ena amakankhira zonse ku netiweki. Nzoona netiweki inavuta, koma dzanja limene linalowetsa khadi kachiwiri ndi la pamalopo, ndipo kasitomala analiona.

Tsiku lobwezera nalo musalilote. Mawu akuti "posachedwapa" amamusiya munthu akusuzumira pafoni m'mawa ndi madzulo. Funsani ku banki kuti zitenga masiku angati, mulembe tsiku limene mungaliimire. Ndipo musamuuze mayiyo kuti ndalamayo idzakhala ya chipinda akadzabweranso. Mukhoza kutchula zimenezo ngati njira ina yoti asankhe yekha, koma choyamba ndi ndalama yake, chifukwa mwina ku Mangochi sadzabwerako chaka chino.

Ndalama ibwerere njira imene inadzera. Ya pa khadi ipite pa khadi, ya pa Airtel Money kapena Mpamba ipite pa nambala imene inalipira. Mukatero mabuku anu amagwirizana, komanso mumatseka khomo la akathyali amene angakuimbireni nkunena kuti mutumize pa nambala ina. Paja anthu atopa ndi mauthenga abodza a ndalama, moti imelo yolonjeza kubweza ndalama amayamba aikayikira. Nchifukwa chake m'kalatamo musapemphe nambala yachinsinsi, nambala yonse ya khadi, kapena kuika malo oti munthu adinepo. Ngati nkofunika kutchula khadiyo, manambala anayi omaliza ndi okwanira.

Lachisanu likakwana, musadikire kuti mayiwo ayambe ndiwo. Atumizireni mzere umodzi wokhala ndi nambala ya malipiro obwezawo, muwafunse ngati K85,000 yaoneka.