Kufiira kwa Chakudya: Funso Lokola Ambiri pa Mayeso a Zophikaphika

Nyama ikafiira pa chiwaya, shuga naye akafiira m'poto, maso amaona mtundu wofanana, koma zochitika m'kati mwake n'zosiyana. Kusiyana kumeneku kumafunsidwa kawirikawiri pa mayeso a zophikaphika, ndipo kumakola ophunzira amene anazolowera kutchula chofiira chilichonse kuti karamelo.

Kufiira kwa nyama kumatchedwa ndi dzina la Louis-Camille Maillard, dokotala ndi katswiri wa kemisitile wa ku France amene anakufotokoza mu 1912. Kumafuna zinthu ziwiri: ma amino asidi, omwe ndi tizigawo topanga mapuloteni, ndi shuga wa mitundu ina monga gulukozi, fulukitozi kapena lakitozi wa mumkaka. Ziwirizi zikakumana pa moto zimalumikizana, kenako n'kusweka kukhala tinthu tambirimbiri topereka mtundu ndi fungo. N'chifukwa chake kanyenya, mtedza wokazinga, khofi ndi khungu la buledi zimanunkhira mosiyana ngakhale njira yake ili imodzi: ma amino asidi ndi shuga wake safanana. Kufiiraku kumafulumira kutentha kukafika pa madigiri 140 mpaka 165.

Karamelo safuna puloteni. Ndi shuga yekha amene watenthedwa mpaka kutaya madzi ndi kusweka. Shuga wa mu tiyi amayamba kufiira cha pa madigiri 160, pomwe fulukitozi, yemwe ndi wochuluka mu uchi, amayamba cha pa 110. Keke yothira uchi imafiira msanga pa chifukwa chomwechi. M'poto, shuga amasungunuka, n'kuchita chikasu, n'kufiira ngati tiyi wopanda mkaka. Akangopitirira pamenepo amada, amafuka utsi ndipo amawawa. Kusintha komalizaku kumatenga masekondi ochepa, ndipo potoyo amapitirizabe kutentha ngakhale ataphulidwa, choncho wodziwa amaphula mtundu usanafike pomwe akufuna.

Funso lokondedwa ndi oyesa limakhala lotere: wophika wathira nyama ya ng'ombe yodulidwa kilogalamu imodzi m'chiwaya chaching'ono, ndipo yatuluka yotuwa, yosanunkhira. Chalakwika n'chiyani? Yankho lili m'madzi. Madzi amawira pa madigiri 100 kapena kucheperapo kumalo okwera, ndipo pamwamba pa nyama pakakhala ponyowa, kutentha sikudutsa pamenepo. Nyama yambiri imaziziritsa chiwaya, imatulutsa msuzi, ndiye m'malo mokazingika imangowira. Khutu limadziwa maso asanaone: phokoso lothetheka la mafuta limazilala, n'kumveka kubwata. Mankhwala ake ndi kupukuta nyamayo kuti iume, kutenthetsa chiwaya kaye, kuika nthuli zochepa motalikirana, ndi kusazitembenuza mpaka zitamatuka zokha. Woyankha kuti "nyamayo sinachite karamelo" walakwa, pakuti shuga wa mu nyama ndi wochepa kwambiri. Chimene chalephereka ndi Maillard.

Pamfundo yomweyi pali bodza lakale loti kufiiritsa nyama kumatsekera msuzi m'kati. Ganizoli linafalitsidwa ndi Justus von Liebig wa ku Germany m'zaka za m'ma 1800. Khungu lofiiralo silitchinga madzi, ndipo kuthetheka kosalekeza m'chiwaya ndi umboni woti msuzi ukutulukabe. Phindu la kufiiritsa ndi kukoma basi.

Anyezi ndiye amasokoneza kwambiri, chifukwa ali ndi shuga komanso ma amino asidi. Akaphikidwa pa moto wochepa kwa mphindi 40 kapena kuposa, amafewa, amatsekemera ndi kufiira, ndipo ngakhale ophika amati wachita karamelo, gawo lalikulu la ntchitoyo ndi la Maillard. Kasoda pang'ono kamafulumizitsa kufiiraku chifukwa Maillard amathamanga asidi akachepa, koma soda akachuluka anyezi amasanduka phala lomveka sopo. Tofi wa mkaka nayenso ndi msampha: dzina limaloza ku karamelo, koma mapuloteni ndi lakitozi wa mumkaka ndi amene amapereka mtundu wambiri. Kupaka dzira kapena mkaka pamwamba pa sikono kumatsata nzeru yomweyo.

Pali kufiira kwachitatu kosafuna moto. Nthochi, apozi kapena mbatata ikadulidwa, enzaimu ya m'kati mwake imakumana ndi okosijeni wa mumpweya ndipo podulidwapo pamada. Apa moto umaletsa m'malo moyambitsa, chifukwa umapha mphamvu ya enzaimuyo. Madzi a mandimu amaifooketsa, ndipo kuviika mbatatesi yosenda m'madzi kumaitchingira mpweya.

Mayeso ena amafunsanso za chitetezo. Mu 2002 akatswiri a ku Sweden analengeza kuti tchipisi ndi zakudya zina za sitachi zokazingidwa kwambiri zimakhala ndi akilamaidi, yemwe amapangika panjira ya Maillard ndipo akuganiziridwa kuti angayambitse khansa. Langizo lake ndi kuphula tchipisi chikadali chachikasu, komanso kusasunga mbatatesi yaiwisi mufiriji, popeza kuzizira kumasandutsa sitachi wina kukhala shuga.