Kugwira chinenero chimene makina osavuta sangachizindikire

Mu sayansi ya makompyuta, chinenero ndi gulu la mawu opangidwa ndi zilembo zimene mwasankha, kaya mawuwo ali ndi tanthauzo kapena ayi. Chinenerocho chimatchedwa cha regula ngati pali makina okhala ndi malo owerengeka oimapo, amene amawerenga liwu kamodzi kokha, chilembo ndi chilembo, kenako n'kunena ngati liwulo ndi la m'gululo. Makina otere sangawerengere zinthu mopanda malire.

N'chifukwa chake chinenero cha 0ⁿ1ⁿ, chokhala ndi mawu monga 01, 0011 ndi 000111, si cha regula. Makina akhale ndi malo 50. Mukawapatsa 0, kenako 00, mpaka ziro 51, mawu awiri adzathera pamalo amodzi, mwina a ziro 7 ndi a ziro 12. Onjezani ma 1 asanu ndi awiri kwa onse awiri. Makinawo adzayankha mofanana, pamene loyamba ndi lolondola ndipo lachiwiri ndi lolakwika. Umboni umenewu ukapezeka kamodzi, palibe chifukwa chouyambiranso pa chinenero chilichonse chatsopano. Timangosandutsa chatsopanocho kuti chifike pa 0ⁿ1ⁿ, pogwiritsa ntchito njira zimene sizichotsa uregula.

Njira yoyamba ndi homomofizimu, lamulo losinthira chilembo chilichonse ndi liwu lokhazikika, ngakhale liwu lopanda kanthu. Chinenero cha regula chikadutsa m'lamulo lotere chimatuluka chili cha regula. Yachiwiri ndi homomofizimu yobwerera m'mbuyo, yolembedwa h⁻¹(L), imene imasonkhanitsa mawu onse amene lamulo h limawagwetsera m'chinenero L. Nayonso imasunga uregula, ndipo chifukwa chake n'chosavuta: makina atsopano akaona chilembo, amangoyendetsa makina akale pa liwu limene h imapereka pa chilembocho. Malo oimapo sawonjezeka.

Tiyeni titenge L kukhala aⁿbaⁿ, n kuyambira pa 1: aba, aabaa, aaabaaa. Maso akuona kale kuti pakufunika kuwerengera, koma maso si umboni. Vuto n'lakuti a wakumanzere ndi a wakumanja ndi chilembo chimodzi, ndipo homomofizimu siyang'ana pamene chilembo chaima. Mukati a akhale 0, ma a onse asanduka 0.

Apa m'pamene yobwerera m'mbuyo imathandiza. Tiyerekeze kuti L ndi cha regula, ndipo tibweretse chilembo chatsopano c ndi lamulo ili:

```
h(a) = a    h(b) = b    h(c) = a
```

Mawu amene h imawasandutsa aba ndi anayi: aba, abc, cba ndi cbc. Pa aabaa alipo 16, poti a aliyense mwa anayiwo akhoza kukhala a kapena c. Choncho h⁻¹(L) ili ndi mawu onse okhala ndi b pakati ndi zilembo zochuluka mofanana mbali zonse, a ndi c atasakanikirana mulimonse, ngati mpunga wosapeta.

Tiupete. Chinenero cha `a*bc*`, kutanthauza ma a angapo, b mmodzi, ma c angapo, ndi cha regula, ndipo mawu opezeka m'zinenero ziwiri za regula nthawi imodzi amapanganso chinenero cha regula. Tikasunga okhawo opezeka konse kuwiri, aba, cba ndi cbc agwa, abc atsala. Zotsala zonse ndi aⁿbcⁿ. Tsopano lamulo lomaliza, pamene ε ndi liwu lopanda kanthu:

```
g(a) = 0    g(b) = ε    g(c) = 1
```

Liwu aabcc lasanduka 0011, ndipo chinenero chonse chasanduka 0ⁿ1ⁿ. Masitepe atatu onsewa amasunga uregula, ndiye L chikanakhala cha regula, 0ⁿ1ⁿ chikanakhalanso chotero. Tikudziwa kuti si choncho, motero L si cha regula.

Sitepe yapakatiyo imaoneka ngati yongokongoletsa, koma ineyo ndimaiona kuti ndi imene yanyamula katundu. Idumpheni muone. Mukaika g pa h⁻¹(L) mwachindunji mupeza 00, 01, 10, 11 ndi mawu ena onse a 0 ndi 1 okhala ndi zilembo 2, 4, 6 ndi kupitirira motero. Chinenero chimenecho makina ang'onoang'ono amachizindikira bwinobwino, ndiye simunatsimikize kanthu.

Ophunzira ambiri amaphonya potembenuza mfundoyi. Kufika pa chinenero cha regula sikusonyeza kuti poyambira panali pa regula: sandutsani 0 ndi 1 onse akhale a, ndipo 0ⁿ1ⁿ chisanduka aa, aaaa, aaaaaa, chinenero cha regula ndithu. Kulakwa kwina ndi kuyambira pa 0ⁿ1ⁿ n'kukafika pa L, m'malo moyambira pa L. Njira yodziwira ngati umboni wayenda bwino ndi kuyang'ana mzere woyamba ndi womaliza: chinenero chimene mukuchikayikira chikhale koyambirira, ndipo chodziwika kale kuti si cha regula chituluke kumapeto ndendende, popanda liwu lowonjezera kapena losowa.