Chilombo cha Yeats Chikupita ku Betelehemu

Munthu akaimirira pabwalo n'kunena kuti pakati pathu pali Yudasi, safunikira kuwonjezera mawu. Aliyense waona kale ndalama zasiliva 30, chipsompsono cha m'munda, ndi chingwe chimene munthuyo anathera. Dzina limodzi lasenza nkhani yonse, ndipo wolaswayo amadzidziwa. Alakatuli amachita zomwezo. Amatola dzina, malo kapena chithunzi m'Malemba kapena m'nthano zamakedzana n'kuchiponya m'ndakatulo osafotokoza, podziwa kuti wowerenga abweretsa yekha zotsalazo. Steve Chimombo akatchula Napolo, munthu wa ku Zomba kapena ku Phalombe amamva kale mkokomo wa miyala ikutsika m'phiri.

Pali ndakatulo ina yachingerezi imene imadalira luso limeneli kuyambira pamutu mpaka pamzere womaliza. Mutu wake ndi "The Second Coming," kutanthauza kubweranso kwachiwiri, ndipo anailemba William Butler Yeats wa ku Ireland mu Januwale 1919. Inasindikizidwa koyamba mu Novembala 1920. Ndi yaifupi: mizere 22, ndime ziwiri, yoyamba ya mizere 8, yachiwiri ya mizere 14. Ambiri a ife tinakumana nayo osaidziwa, chifukwa m'menemo ndi momwe Chinua Achebe anatenga mutu wa buku lake la Things Fall Apart.

Nkhani yake ndi iyi. M'ndime yoyamba, kabawi woweta akuuluka mozungulira, bwalo lake likukulirakulira mpaka sakumvanso kuitana kwa mwini wake. Dziko lasokonezeka, madzi amagazi asefukira, anthu abwino afooka pomwe oipa ali ndi changu choopsa. M'ndime yachiwiri wolankhulayo akuti zoterezi ziyenera kuti ndi zizindikiro zoti kubweranso kwachiwiri kwayandikira. Asanatseke pakamwa akuona masomphenya: m'chipululu chinthu cha thupi la mkango ndi mutu wa munthu chayamba kusuntha, maso ake opanda chifundo, mbalame zikuzungulira pamwamba pake. Mdima ukugwanso, ndipo ndakatulo ikuthera pafunso: kodi ndi chilombo chanji chikudzikoka kulowera ku Betelehemu kuti chikabadwe?

Wofuna kulondola kumene zithunzizi zachokera ayambe ndi zimene wolemba wazitchula poyera, osati zimene iye akuziganizira. Pano zotchulidwa poyera n'zochepa: mutu wa ndakatulo, liwu loti chivumbulutso, ndi dzina la Betelehemu. Mutuwo ukutitengera ku Mateyu 24, pamene ophunzira anafunsa Yesu pa Phiri la Azitona za chizindikiro cha kubwera kwake. Yankho lake limatchula nkhondo, njala, zivomezi, kuchuluka kwa kusaweruzika ndi kuzirala kwa chikondi. Ikani mutu umenewo pambali pa ndime yoyamba ya Yeats, muona kuti wolankhula m'ndakatuloyi akuwerenga nthawi yake monga amachitira mlaliki aliyense wa pamsika. Ndipotu panali zowerenga. Nkhondo yoyamba ya dziko lonse inali itangotha mu Novembala 1918, ufumu wa ku Russia unagwa mu 1917, ku Ireland nkhondo yomenyera ufulu inkayamba mwezi womwewo wa Januwale, ndipo mliri wa chimfine unatsala pang'ono kutenga mkazi wa Yeats, Georgie, ali woyembekezera.

Apa ndi pamene Malemba akuyamba kugwira ntchito yake yeniyeni. Wodziwa Mateyu 24 amadziwanso chimene chimabwera pambuyo pa masautso: Mwana wa Munthu pamitambo, lipenga, angelo osonkhanitsa osankhidwa. Mutu wa ndakatulo wamulonjeza zimenezo. Ndiye akukweza maso kumwamba, koma Yeats akumutembenuzira kumchenga. M'malo mwa wobwera mothwanima ngati mphezi, kukubwera chinthu chosuntha ntchafu pang'onopang'ono. Mantha a ndakatuloyi ali pampata umenewo, pakati pa chimene unalonjezedwa ndi chimene walandira. Amene sanamvepo za kubweranso kwa Khristu angoona chinyama chonyansa. Amene anakulira m'tchalitchi amva ngati munthu amene wathamangira kukhomo kukalandira bambo ake, n'kupeza fisi ataima pakhonde.

Mateyu 24 yemweyo ali ndi kanthu kena kamene ambiri amakadumpha. Pa vesi 26 Yesu akuchenjeza kuti anthu akadzati Khristu ali kuchipululu, musadzapiteko, ndipo pa vesi 28 akutchula miimba yosonkhana pamtembo. Yeats waika chinthu chakecho kuchipululu, mbalame zikuzungulira pamwamba. Kufananaku n'kokoma, ndipo ine ndimakukhulupirira, koma ndikuika pa mlingo wotsikirapo. Mutu wa ndakatulo ndi umboni woti wolemba anasaina yekha. Chipululu ndi mbalame ndi mapazi a pamchenga basi, ndipo Yeats sananene kuti mbalamezo ndi miimba.

Nanga chilombocho? Wowerenga wachikhristu amathamangira ku Chivumbulutso 13, ndipo sanalakwe, popeza liwu loti chivumbulutso ndi liwu loti chilombo onse ali m'ndakatulomo. Koma tsegulani bukulo muyerekeze chiwalo ndi chiwalo. Chilombo cha Yohane chikutuluka m'nyanja, chili ndi mitu 7 ndi nyanga 10, chikufanana ndi nyalugwe, mapazi ake ngati a chimbalangondo, pakamwa pake ngati pa mkango. Cha Yeats chili ndi mutu umodzi wa munthu, chilibe nyanga, ndipo chikudzuka pouma. Si chimodzimodzi. Thupi la mkango ndi mutu wa munthu ndi maonekedwe a Sifinkisi, fano lamwala la ku Giza m'dziko la Igupto, lotalika mamita pafupifupi 73, limene linasemedwa zaka pafupifupi 2,500 Khristu asanabadwe. Yeats sanalitchule dzina. Anangonena kuti mutuwo ndi wa mwamuna, ndipo kameneko n'kokwanira kulisiyanitsa ndi Sifinkisi wa nthano za Agiriki, amene anali ndi nkhope ya mkazi ndi mapiko, n'kumaponyera anthu a ku Thebes ndagi mpaka Oedipus anamasulira.

Kusiyanaku si kwachabe. Chilombo cha m'Chivumbulutso mathero ake tikuwadziwa: chimapatsidwa miyezi 42, ndipo pofika mutu 19 chaponyedwa m'nyanja yamoto. Chili mkati mwa nkhani imene Mulungu amapambana. Sifinkisi alibe malo m'nkhani imeneyo. Ndi wamkulu kuposa Chikhristu, analipo mchenga ukumukwirira pamene Yosefe ndi Mariya ankathawira ku Igupto. Pomupatsa dzina la chilombo, Yeats akubwereka mantha a m'Chivumbulutso. Pomupatsa thupi la Sifinkisi, akuchotsamo chitonthozo chake. Palibe vesi imene ikutiuza kuti chinthu ichi chidzagonja.

Yeats sanali mlaliki. Agogo ake aamuna anali mbusa wa mpingo wa Church of Ireland, bambo ake anali wokayika za chipembedzo, ndipo iye anadzipangira chiphunzitso chakechake chimene anachilemba m'buku la A Vision mu 1925. Iye ankati mbiri ya anthu imayenda m'nyengo za zaka pafupifupi 2,000, iliyonse ikuzungulira n'kumakula ngati kamvuluvulu mpaka itabalalika, kenaka n'kuyamba ina yotsutsana nayo. Kuuluka kwa kabawi uja ndi chithunzi cha zimenezi. N'chifukwa chake ndakatuloyi ikuwerenga zaka 2,000 za tulo ta chinthu chamwalacho, tulo timene tinasanduka maloto oipa chifukwa cha kugwedezeka kwa kabedi ka khanda. Khandalo sanalitchule dzina, ndipo m'mizere yonse 22 mulibe dzina la Yesu. Zaka 2,000 ndi Betelehemu zikunena zonse.

Betelehemu ndiye nkhonya yomaliza. Malemba sanena kuti Khristu adzabwerera kudzera m'mimba ya mkazi kapena m'mudzi umenewo. Betelehemu ndi wa kubwera koyamba: ulosi wa Mika 5:2, abusa a pa Luka 2, anzeru akum'mawa a pa Mateyu 2. Ndi mudzi wa nyimbo za Khirisimasi ndi masewero a ana a Sande sukulu ovala nsalu kumutu. Potumiza chilombo kumeneko, Yeats akunena kuti chikubwerachi si chiweruzo chotseka nkhani. Ndi kubadwa kwina, chiyambi cha nyengo ina, ndipo chikufuna malo omwewo amene khanda lija linagona. Akanalemba kuti chikupita ku Yerusalemu kapena ku Armagedo, ikanakhala ndakatulo ya nkhondo yomaliza, imene Mkhristu aliyense akudziwa wopambana wake.

Pali misampha iwiri. Woyamba ndi kuona vesi paliponse. Madzi amagazi a m'ndime yoyamba ena amati ndi chigumula cha Nowa, ena mtsinje wa Nailo pa Eksodo 7, ena ana amene Herode anapha. Zonse zikhoza kumveka, koma funso lothandiza n'lakuti: ndikachotsa vesi imeneyi, kodi ndakatulo isintha tanthauzo? Chotsani Nailo, palibe chagwa. Chotsani Betelehemu, denga lonse lagwa. Msampha wachiwiri ndi kufunafuna dzina la chilombo ngati mayeso a masamu, wina n'kumati ndi Hitler, wina Lenin, wina 666. N'zoona kuti mu 1936 Yeats analemba m'kalata kuti ndakatuloyi inalosera zimene zinkachitika ku Ulaya. Koma m'zolemba zake zoyesera munali mayina enieni, monga Edmund Burke, William Pitt ndi Marie Antoinette, komanso Ajeremani ndi Russia, ndipo onsewo anawafufuta. Anasiya Betelehemu yekha ndi chizindikiro cha funso. Wobwezeramo dzina akubweza zimene mwini wake anachotsa dala.

Achebe anaiwerenga bwino kuposa ambiri. Anaika mizere inayi yoyamba kutsogolo kwa buku lake la 1958, koma anatembenuza galasi. Kwa Yeats, dziko likusweka ndi la Chikhristu, ndipo chodzalisokoneza chikuchokera m'chipululu cha Afirika. Kwa Okonkwo ndi anthu a ku Umuofia, dziko likusweka ndi la makolo, ndipo chachilendo chimene chafika ndi uthenga wa khanda la ku Betelehemu lomwelo, pamodzi ndi bwalo la milandu la mzungu. Mwana wake Nwoye akuona chipulumutso pamene bambo ake akuona chiwonongeko. Achebe, mwana wa mphunzitsi wa mpingo wa Angilikani, ankadziwa Baibulo ndi Yeats yemwe, ndipo sanafunikire kufotokoza chimene wachita.

Ndakatuloyi imatha kuwerengedwa m'mphindi ziwiri. Mukaipeza, tsegulani Mateyu 24 kudzanja lamanzere, Chivumbulutso 13 kudzanja lamanja, muwerenge mokweza, ndipo muike chala pamalo aliwonse pamene Yeats wapatuka.